Foda Yotsekedwa ya Zachuma: Kiyi Ali kwa a IT, Chilolezo Chili kwa Mwini

Mwezi ukamatha, mu ofesi ya zachuma mumakhala phuma. Malipiro apita kubanki, msonkho wa PAYE uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo mabuku ayenera kutsekedwa. Tiyerekeze kuti mu ofesi yotere, pakampani ina ya antchito 120, muli mtsikana amene wagwira ntchito yowerengera ndalama kwa miyezi itatu yokha. Bwana wake wamupatsa ntchito yofananitsa sitetimenti ya kubanki ndi zimene zalembedwa m'mabuku a kampani, kuti aone ngati ndalama zimene banki ikuti zatuluka zikugwirizana ndi zimene mabuku akunena. Masitetimentiwo amasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu imene imasunga mafayilo a kampani yonse. Mtsikanayo wadina pa foda, ndipo kompyuta yamuyankha motere:

```
You do not have permission to access \\SEVA01\Finance.
Contact your network administrator to request access.
```

Uthengawu ukumuuza kuti alibe chilolezo cholowa, ndipo akapemphe kwa oyang'anira netiweki. Iye wachitadi zomwezo. Maimelo a m'maofesi athu ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma zimene iye walembera a dipatimenti ya IT m'Chichewa tingazinene chonchi: "Zikomo a IT. Chonde nditsegulireni foda ya Finance monga munawatsegulira achemwali amene ndimakhala nawo mu ofesi muno. N'zachangu."

Imeloyi ndi yaulemu, ndipo wolembayo alibe maganizo oipa. Komabe wa IT wodziwa ntchito yake sangatsegule. Ambiri akakanidwa chonchi amakhumudwa, amati a IT ndi odzimva, amakonda kugwadiridwa. Ine ndikuona kuti wa IT amene wakana pempho lotere wachita bwino, ndipo woyamba kupindula ndi kukanako ndi mtsikana yemweyo.

Wosunga kiyi si mwini nyumba

Tiyambe ndi funso limene imeloyo yalumpha: kodi foda ya zachuma ndi ya yani? Seva amaisamalira ndi a IT. Ndiwo amaiyatsa, amaikonza ikafa, amasunga makope a mafayilo kuti asatayike. Koma zimene zili m'kati mwa fodayo, malipiro a anthu, masitetimenti, makalata a ofufuza mabuku, ndi za dipatimenti ya zachuma, ndipo woziyankhira ndi mkulu wa zachuma. Wa IT ali ngati mlonda wa nyumba yosungiramo katundu: kiyi ali m'thumba mwake, koma matumba a feteleza amene ali m'katimo si ake, ndipo satsegulira munthu chifukwa choti wamupempha mwaulemu. Amadikira chikalata chochokera kwa mwini katundu.

Palinso chifukwa china. Wa IT sadziwa kuti ntchito yofananitsa mabuku ndi banki imafuna mafayilo ati. Sanaphunzire zimenezo, ndipo si ntchito yake. Amene angathe kunena kuti ntchito iyi imafuna ichi, ichi ayi, ndi mkulu wa zachuma. N'chifukwa chake m'makampani oyenda bwino pempho lotere limadutsa m'manja atatu: wopempha amalemba, mwini foda amavomera, wa IT amatsegula. Munthu mmodzi asamagwire mbali ziwiri. Owerengera ndalama lamuloli amalidziwa kale pa ntchito yawo, chifukwa amene wakonza vocha yolipirira sakhala yemweyo wosayina cheke.

Foda imodzi, zipinda zambiri

Vuto lachiwiri lili pa mawu akuti foda ya Finance. Kwa mtsikanayo, imeneyi ndi foda imodzi. Kwa wa IT ndi nyumba ya zipinda zingapo. Pakampani yathu yoyerekezayi m'kati mwake muli mafoda awa:

```
\\SEVA01\Finance\Bank
\\SEVA01\Finance\Payroll
\\SEVA01\Finance\Audit
```

Mu Bank muli masitetimenti. Mu Payroll muli malipiro a wantchito aliyense, kuyambira mkulu wa kampani mpaka wosesa, pamodzi ndi manambala a maakaunti awo a kubanki, ngongole zimene akudulidwa, ndi ndalama za penshoni. Mu Audit muli zokambirana ndi ofufuza mabuku, mwina ngakhale nkhani ya wantchito amene akuganiziridwa kuti wasowetsa ndalama.

Pa seva ya Windows, chilolezo chimene chaperekedwa pa foda ya pamwamba chimatsikira chokha ku mafoda onse a m'kati mwake, pokhapokha wina atachita kuchiduliza pa foda inayake. Ndiye kuti wa IT akangomvera imeloyo momwe ilili n'kutsegula Finance, akhoza kutsegula zipinda zonse zitatu nthawi imodzi. Mtsikana amene amangofuna sitetimenti ya mwezi umodzi adzapezeka kuti akutha kuona malipiro a bwana wake ndi ngongole ya mnzake wa pa desiki yoyandikana nayo. Ofesi ndi mudzi. Nkhani ya malipiro ikatuluka n'kuyamba kumveka kukantini, funso loyamba limakhala lakuti ndani amatha kulowa m'fodamo, ndipo maso onse amapita pa amene walowa kumene.

Mawu akuti monga munawatsegulira achemwali nawo ali ndi msampha. Achemwaliwo mwina agwira pakampanipo zaka eyiti. Anayambira ku malipiro, kenako anapita kogula katundu, tsopano ali ku zabanki, ndipo paliponse pamene anadutsa anapatsidwa chilolezo chimene palibe anakumbukira kuchichotsa. Kukopera zilolezo zawo n'kupatsa wantchito watsopano makiyi a zaka eyiti tsiku limodzi. Akatswiri a zachitetezo cha makompyuta anachenjeza za zimenezi kalekale. Mu 1975, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder a ku yunivesite ya MIT ku America analemba mfundo imene mpaka lero ndiyo maziko a nkhaniyi: munthu kapena pulogalamu ipatsidwe mphamvu zochepa zokwanira ntchito imene ikugwira basi.

Kuwerenga, kusintha, kapena kulamulira

Vuto lachitatu ndi lakuti imeloyo sinanene kuti akufuna kukachita chiyani akalowa. Kutsegula foda kuli ndi milingo. Pa Windows milingoyo ilipo ingapo, koma imene munthu wamba ayenera kuidziwa ndi itatu, ndipo pakompyuta imaoneka ndi maina awa: Read, Modify ndi Full control.

Wopatsidwa Read amatsegula fayilo n'kuwerenga, koma sangasunge kusintha kulikonse m'fodamo. Wopatsidwa Modify amawerenga, amalemba, amasintha, komanso amatha kufufuta. Apa m'pamene ambiri sadziwa: chilolezo chosinthira chimabwera ndi mphamvu yofufutira. Dzanja likangoterereka pa mbewa, foda ya chaka chonse ikhoza kukokedwa n'kugwera m'kati mwa foda ina, kapena kufufutika. Ndipo fayilo yofufutidwa pa seva kudzera pa netiweki kawirikawiri sipita mu Recycle Bin ya kompyuta yanu. Kuibweza kumadalira makope amene a IT anasunga. Full control ndiye yoposa zonse, chifukwa woipatsidwa amathanso kusintha zilolezo, kutanthauza kuti akhoza kutsegulira anthu ena. Imeneyi si ya wowerengera ndalama, wamng'ono kapena wamkulu.

Kusiyana kwa Read ndi Modify kumaonekanso tsiku limene kompyuta yagwidwa ndi pulogalamu ya akuba imene imatseka mafayilo n'kumafuna dipo. Pulogalamu yotere imayenda ndi mphamvu za munthu amene kompyuta yake yagwidwa. Chilichonse chimene iye angathe kusintha, nayonso ikhoza kuchiwononga. Ngati mtsikana wathu ali ndi Read yokha pa foda ya Bank, ndipo mwangozi watsegula fayilo yoipa imene yabwera pa imelo, masitetimenti a kampani sangatsekedwe kudzera pa dzina lake.

Koma Read nayo ili ndi malire, ndipo tisadzinamize. Amene angathe kuwerenga fayilo akhoza kuikopera pa fulashi, kuitumiza pa imelo, kapena kungoijambula ndi foni. Read imateteza fayilo kuti isasinthidwe, siiteteza kuti isatuluke. N'chifukwa chake funso la chipinda chiti ndi lalikulu kuposa funso la mlingo uti.

Imelo yachiwiri

Wa IT wabwino sangoyankha kuti ayi. Amauza wopemphayo chimene chikusowa. Tinene kuti wa pakampani yathuyi wayankha kuti: "Zikomo achemwali, pempho lanu talilandira. Foda imeneyi mwini wake ndi a mkulu wa zachuma. Tiuzeni foda yeniyeni imene mukufuna, ntchito yake, ndi tsiku lomwe muthere, ndipo iwo avomereze. Akatero titsegula lero lomwe."

Mtsikanayo wakhala pansi n'kulembanso, ndipo ulendo uno waika mkulu wa zachuma pa mzere wa Cc kuti naye alandire:

"Zikomo a IT. Ndine wothandizira pa ntchito yowerengera ndalama mu dipatimenti ya zachuma. Ndikupempha chilolezo cha Read pa foda ya \\SEVA01\Finance\Bank yokha. A bwana andipatsa ntchito yofananitsa sitetimenti ya akaunti ya malipiro ya mwezi wathawu ndi mabuku athu, ndipo masitetimenti ali m'menemo. Sindikufunika kusintha kanthu m'fodamo; ntchito yanga ndiziisunga mu foda yanga. Ndikufuna chilolezochi kuyambira lero mpaka pa 10 mwezi uno. Bwana, ndakuikani pa imeloyi kuti ngati mwavomera muwayankhe a IT."

Kusiyana kwa maimelo awiriwa ndi mizere inayi kapena isanu, koma yachiwiriyi yayankha zonse zimene wovomera ndi wotsegula ayenera kudziwa: wopempha ndani, foda iti, mlingo uti, chifukwa chiyani, mpaka liti. Mkulu wa zachuma akhoza kuiwerenga pa foni ali m'galimoto n'kuyankha mawu amodzi. Onaninso chimene mulibe. Mulibe pasiwedi. Wa IT safunika pasiwedi yanu kuti akutsegulireni foda, ndipo aliyense wokupemphani pasiwedi pa imelo, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa IT, musamupatse.

Chivomerezo chiyenera kuchokera kwa mwiniwake, pa imelo yake kapena pa tikiti ya pempho ngati kampani ili ndi dongosolo lotero. Mawu akuti bwana avomera, ndakumana nawo pakhonde, si chivomerezo. Bwanayo akhoza kukhala kuti anavomeradi, koma miyezi isanu ndi umodzi ikadzapita ofufuza mabuku adzafunsa umboni, ndipo zokamba za pakhonde sizisungidwa mu fayilo.

Wa IT alinso ndi chake choyenera kusamala. Imelo yopempha kulowa mu foda ya ndalama, yolembedwa mwachangu, ndi chida chimene akuba amakonda. Amatha kulemba pa adiresi yofanana kwambiri ndi ya kampani, yosiyana chilembo chimodzi, kapena kuba akaunti yeniyeni ya wantchito n'kumalemba ngati iyeyo. Zizindikiro zake ndi phuma losaneneka, pempho lobwera usiku kapena pa Sabata, ndi mawu akuti musawavutitse abwana, atanganidwa. Mankhwala ake ndi osavuta: kuimbira wopemphayo pa nambala imene ili kale m'kaundula wa kampani, osati imene yalembedwa pa imeloyo, kapena kungonyamuka kupita pa desiki yake.

Atsegula, koma sikutseguka

Mkulu wa zachuma wavomera. Wa IT sapita pa foda kukalembapo dzina la mtsikanayo. M'makampani ambiri ogwiritsa ntchito Windows, maina a antchito amasungidwa mu kaundula wotchedwa Active Directory, ndipo zilolezo zimaperekedwa kwa magulu. Pakampani yathuyi tinene kuti pali gulu lotchedwa FIN-Bank-Read, limene linapatsidwa kale Read pa foda ya Bank. Wa IT amangolowetsa dzina la mtsikanayo m'gululo. Ubwino wake ndi wakuti tsiku lochotsa likafika amangomutulutsa, ndipo wina akafunsa kuti ndani amaona masitetimenti, yankho lili pa mndandanda umodzi.

Apa pamachitika kanthu kamene kamayambanitsa anthu mosafunikira. Wa IT walemba kuti tatsegula. Mtsikanayo wadina, uthenga wokana uja wabweranso. Iye akuganiza kuti anamunamiza. Chachitika n'chakuti kompyuta imatenga mndandanda wa magulu a munthu pa nthawi imene akulowa ndi pasiwedi yake. Iye analowa m'mawa, asanaikidwe m'gululo, choncho kompyuta yake ikuyendabe ndi mndandanda wakale. Ayenera kutuluka ndi Sign out n'kulowanso, kapena kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Kungotseka sikirini kapena kupinda laputopu kawirikawiri sikuthandiza. Kuti atsimikize, akhoza kutsegula Command Prompt n'kulemba:

```
whoami /groups
```

Dzina la FIN-Bank-Read likaoneka pa mndandanda umene watuluka, ndiye kuti kompyuta yamuzindikira kuti ali m'gululo. Ngati likuoneka koma foda ikukanabe, choyamba aone adiresi imene akudina. Anapatsidwa Bank, osati Finance yonse, choncho alembe adiresi yonse mpaka pa Bank. Zikakanikabe, vuto lili pa zilolezo za fodayo, ndipo atumize kwa a IT chithunzi cha uthenga wokanawo momwe ulili.

Pamene K450,000 yasowa

Tsopano walowa, ntchito yayamba. Sitetimenti ikuonetsa kuti pa akaunti ya malipiro panatuluka K48,600,000. Mabuku akuti K48,150,000. Pali kusiyana kwa K450,000. Maganizo oyamba a wowerengera ndalama aliyense wakhama ndi akuti: ndikanangoona mndandanda wa malipiro, ndikanaipeza. Zala zayamba kale kulemba imelo yachitatu yopempha foda ya Payroll.

Pano m'pamene phindu la kukhala ndi mwini foda likuonekera. Mkulu wa zachuma akudziwa kuti kupeza K450,000 sikufuna kuona malipiro a anthu 120. Akuuza mtsikanayo kuti alembe tsiku ndi nambala ya ndalama iliyonse imene ili pa sitetimenti koma m'mabuku mulibe, apereke kwa amene amakonza malipiro. Wokonza malipiroyo akuyang'ana mu foda yake, n'kupeza kuti wantchito wina watsopano analipidwa payekha chifukwa dzina lake linachedwa kulowa pa mndandanda, ndipo malipirowo sanalembedwe m'mabuku. Akulemba kalata yaifupi yofotokoza, mabuku akukonzedwa, ntchito yatha. Zatenga mwina ola limodzi kuposa momwe zikanatengera mtsikanayo akanalowa yekha. Koma ndalamayo yaonedwa ndi anthu awiri, wokonza malipiro ndi wofananitsa mabuku, ndipo aliyense wayang'ana ntchito ya mnzake popanda kuigwira. Kufananitsa mabuku ndi banki kumachitikira zimenezo.

Njira yachidule imene ndimaiopa kwambiri ndi ina. Achemwali aja, pomvera chisoni mnzawo amene akuchedwa, akunena kuti: "Iwe, usavutike ndi a IT, ingolowa ndi pasiwedi yanga." Zimaoneka ngati chikondi. Koma seva imene a IT anaikonza kuti izilemba zochitika imasunga dzina la akaunti imene yatsegula, yasintha kapena yafufuta fayilo, pamodzi ndi nthawi yake. Seva sidziwa nkhope. Chikalakwika, dzina lotuluka ndi la achemwaliwo, ndipo iwo podziteteza adzatchula amene anamubwereka. Onse awiri adzakhala aphwanya malamulo a kampani, ndipo palibe angatsimikize kuti wolakwa ndani. Ndinene pano kwa a IT: kulemba zochitika pa mafoda sikuyamba kokha pa Windows, pamafunika kuchita kukuyatsa. Foda ya zachuma imene sikulembedwa zochitika zake ndi yotetezedwa theka.

Amalawi sitifunika kuuzidwa kuti nkhani ya ndani angasinthe chiyani pa kompyuta ya ndalama ndi yaikulu motani. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti mu dongosolo la boma lolipirira la IFMIS munkalowetsedwa malipiro a ntchito zimene sizinagwiridwe, ndipo macheke akatuluka zolembedwazo zinkafufutidwa. IFMIS si foda ya pa seva ya kampani, koma funso lake ndi lomweli: ndani ali ndi mphamvu yolemba, ndani ali ndi mphamvu yofufuta, ndipo anamupatsa ndani. Malamulo nawo sanakhale chete. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pa makompyuta ndi chitetezo chake limati kulowa mu zinthu za pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu limapatsa mabungwe udindo wosamala zinthu monga maina, manambala a maakaunti ndi malipiro a antchito awo.

Pa 10 pafika

Mbali imene imaiwalika kwambiri ndi yomaliza. Mtsikanayo anapempha mpaka pa 10. Tsikulo likafika palibe amene akumva kuwawa: ntchito inatha, bwana wakondwa, wa IT ali ndi mapempho ena makumi awiri. Dzina limatsala m'gulu. Umu ndi momwe achemwali aja anasonkhanitsira makiyi a zaka eyiti. Wa IT wosamala amalemba tsiku lochotsa pa tikiti nthawi yomwe akutsegula. Mkulu wa zachuma wosamala amapempha mndandanda wa anthu a m'magulu onse a mafoda ake, mwina pa miyezi itatu iliyonse, n'kudutsa dzina ndi dzina. Amene anasamutsidwa, amene anasiya ntchito, amene anangobwereka kwa sabata imodzi, onse amachotsedwa. Ngati zaoneka kuti kufananitsa mabuku ndi banki idzakhala ntchito ya mtsikanayo mwezi ndi mwezi, bwana alembe kuti chilolezo chikhale chokhazikika, ndipo chikhale cholembedwa choncho.

Inu amene mwangoyamba kumene ntchito mu ofesi ya zachuma, tsiku limene munalemba likakwana musadikire kuti wina akumbukire. Lemberani a IT mzere umodzi, bwana ali pa Cc, wonena kuti ntchito ija yatha ndipo akuchotseni m'gululo. Imeloyo muisunge pamodzi ndi ya pempho ndi ya chivomerezo, chifukwa zitatuzi ndizo umboni wanu wa tsiku limene munalowa ndi tsiku limene munatuluka.